Nkhope ndi ya achemwali anga, dzina ndi la munthu wina

Achemwali anga amasoka zovala ku Zingwangwa. Nambala yawo ya foni inalembedwa ndi penti pakhoma la shopu, ndipo aliyense wodutsa pamsewu akhoza kuikopera. Ndi nambala yomweyo imene ali nayo pa WhatsApp, poti makasitomala amawatumizira masitayilo a madiresi kumeneko. Masiku amenewo chithunzi cha pa nambalayo chinali chimene anajambulitsa pa chinkhoswe cha mwana wa amalume athu ku Machinjiri: atavala nsalu yobiriwira imene tonse a kuchikazi tinagula, duku atamanga bwino, akuseka. Ukachiona umati mayi uyu ndalama ungamusungitse. Wakuba wina naye anaona chimodzimodzi.

Nkhani inawapeza Lachiwiri masana, kudzera kwa mayi wina wa kumpingo kwawo amene anawatumizira sikirinishoti ndi kafunso kakafupi: "Amayi, kodi awa si inu?" Chinali chithunzi chomwe chija, chodulidwa kulekeza m'mapewa. Pamwamba pake panali mawu a zilembo zikuluzikulu ochenjeza anthu kuti mayi uyu ndi mbava, amanamiza anthu kuti awaodera mabulangete ndi mapoto ku Joni, akalandira ndalama foni amatseka. Panalembedwa dzina loti si lawo, pano ndingoti Tadala ngakhale si lomwe linalipo, ndi nambala ya foni yoti sanaionepo chibadwire. Mzere womaliza unati: "Akuti amapezekapezeka ku Limbe. Mukamuona mugwireni."

Mzere umenewo ndi umene unandiumitsa pakamwa atandiimbira. Mu Blantyre muno munthu akakuwiridwa kuti "wakuba!" pamsika, palibe amayamba wafunsa chitupa. Ndipo achemwali ku Limbe ndi kumene amagula nsalu, mazipi ndi ulusi sabata ili yonse. Choyamba chimene tinagwirizana, tisanagwire n'komwe foni, chinali choti ku Limbe ayambe aleka, azituma mnyamata amene amawathandiza kusita.

Mmene zinachitikira si zovuta kumvetsa. Pa WhatsApp, chithunzi cha pa nambala yako chikakhala pa `Everyone`, aliyense amene wasunga nambalayo m'foni mwake amachiona, ngakhale iwe usakumudziwa. Wakubayo anachitenga n'kuchiika pa nambala yake, n'kudzitcha Tadala, n'kuyamba kutsatsa katundu m'magulupu a malonda. Amene anaberedwa analibe china chogwira koma dzina limene anauzidwa ndi nkhope imene ankaiona pamwamba pa macheza awo. Atakwiya anaphatikiza ziwirizo n'kuzimwaza. Ndiye kuti amene ankafalitsa chithunzicho sanali mdani wa achemwali. Anali munthu woberedwa amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuchenjeza anzake, ndipo zimenezi zinasintha kwambiri njira imene tinayenera kuyendamo.

Alamu anga ankafuna kulowa m'makomenti n'kuyamba kutukwanizana ndi aliyense. Azakhali athu ankati achemwali ajambule chitupa chawo cha unzika n'kuchiika pa Facebook kuti dziko lonse lione dzina lawo lenileni. Zonsezi tinazikana. Komenti iliyonse imene walemba imakweza positiyo kuti ionekerenso kwa anthu ambiri, ndipo ukalemba ndi akaunti ya dzina lako wawauza okwiyawo kumene angakupeze. Za chitupa ndiye zinali zoopsa kuposa: pamenepo pali dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa, zomwe zija wakuba amazifuna. Akuberani nkhope, ndiye mumupatsenso dzina laulere?

Usiku woyamba tinangosonkhanitsa umboni. Paliponse pamene chithunzicho chaoneka tinkajambula sikirinishoti yoonetsa dzina la gulupu, amene waika, tsiku ndi nthawi, ndipo ngati ndi pa Facebook tinkakoperanso linki. Izi zimafunika kuchita msanga, chifukwa munthu akamva kuti nkhani yafika kupolisi amafufuta, iwe n'kutsala ndi mawu apakamwa okha.

Kenako inabwera ntchito yeniyeni, yofufuza amene anayambitsa. Ndinayesa kuika chithunzicho mu Google Lens, sichinabweretse kanthu kupatula zithunzi za amayi ena ovala maduku obiriwira. Si zodabwitsa: chida chimenecho chimaona zimene zili poyera pa intaneti, sichilowa m'macheza a WhatsApp kapena m'magulupu otseka. Pa WhatsApp pomwepo, uthenga unali ndi timivi tiwiri ndi mawu oti `Forwarded many times`, omwe amabwera uthenga ukadutsa m'manja kasanu kapena kuposa. Amakuuza kuti wayenda kutali, koma sakuuza kumene wachokera.

Njira imene inathandiza inali yachikale, yofunsa munthu ndi munthu. Achemwali anafunsa mayi wa kumpingo uja kuti anachitenga kuti. Anati m'gulupu ya makolo a kusukulu ya mwana wawo. Amene anaika m'menemo anati anachitenga m'gulupu ya anthu a kumudzi kwawo ku Thyolo. Wa m'gulupu imeneyo anayamba wakana kuyankha, poganiza kuti akufuna kumumangitsa, mpaka achemwali anamuimbira okha n'kumuuza kuti, "Achimwene, ine sindikulimbana ndi inu, ndikungofuna kudziwa kumene mwachitenga." Anati pa Facebook, koma gulupu yake waiwala.

Zithunzi zomwezo zinkatiuzanso zina. Sikirinishoti ikajambulidwa kuchokera pa sikirinishoti inzake imanka nizilala, zilembo zimachita mbuu, ndipo nthawi zina pamwamba pamaoneka mizere iwiri ya batire ndi wotchi, umodzi wa foni yoyamba wina wa yachiwiri. Tinaziyala zonse m'ndandanda, kuyambira yozilala kwambiri kufika yowala. Pa yowala kwambiriyo panatsalira kachidutswa ka dzina la gulupu pakona. Ndinalemba nambala ya foni ya wakuba ija pamalo ofufuzira a Facebook, kenako dzina la Tadala pamodzi ndi mawu oti mabulangete, n'kumayang'ana masiku. Positi yakale kuposa zonse inali ya Loweruka, m'gulupu ina ya malonda ya anthu a mu Blantyre, ndipo inali yokhayo yolembedwa ndi mwini wake osati yojambulidwa. Anaika anali mayi wina wa ku Bangwe.

Apa achemwali anachita chinthu chimene ndimachiyamikirabe. Sanawalembere mayiwo usiku womwewo. Anati, "Ndikawalembera pano aganiza kuti ndine Tadala yemweyo ndasintha nambala. Tiyambe tapita kupolisi." Ankanena zoona. Munthu woberedwa akalandira uthenga wochokera kwa nkhope imene akuiona ngati ya mbava yake, mawu ako onse amawamva ngati chinyengo chachiwiri.

Lachinayi m'mawa tinapita kupolisi ya kudera kwathu titanyamula zinthu zitatu: masikirinishoti titawapirintitsa papepala, chitupa cha unzika cha achemwali, ndi foni ya msuweni wathu amene anajambula chithunzicho pa chinkhoswe paja. Foni imeneyo ndiyo inali mboni yaikulu. M'menemo chithunzi chinali chathunthu, achemwali ali pakati pa amayi ena anayi ovala nsalu yofanana, kumbuyo kukuoneka tenti ndi mipando ya pulasitiki. Ukatsegula `Details` pankaoneka tsiku ndi nthawi imene chinajambulidwa ndi mtundu wa foni. Munthu akhoza kudula chithunzi chachikulu kuti chikhale chaching'ono, koma amene ali ndi chodulidwa chokha sangabwezeretse amayi anayi aja. Ndinenepo apa kuti chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa ndipo zambiri za tsiku ndi foni zija zimachoka. Ngati mukufuna kuti zisachoke, tumizani ngati `Document`, kapena mungonyamula foni yeniyeniyo monga tinachitira ife.

Wapolisi amene anatilandira analemba sitetimenti, n'kutipatsa nambala ya nkhani yathu. Achemwali anapemphanso kalata yosonyeza kuti adandaula, ndipo anaijambulitsa makope angapo. Malamulo pa nkhani ngati izi alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kusowetsa munthu mtendere kudzera pa foni ndi pa intaneti, ndipo mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, loteteza zinthu zokhudza munthu payekha, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Koma kunena chilungamo, chimene chinatithandiza tsiku limenelo si ndime ya lamulo ayi. Chinali choti amene anawaimbira mayi a ku Bangwe aja anali wapolisi, n'kuwaitana kuti abwere mawa lake ndi foni yawo, asafufute kanthu.

Anabwera ndi mchimwene wawo, nkhope zili gwa. Atangowaona achemwali pabenchi anaima n'kuloza: "Bwana, ndi omwewa! Ndi omwewa!" Achemwali sanayankhe. Wapolisi anawakhazika pansi n'kuwafunsa mafunso atatu osavuta. Kodi Tadala munakumana naye maso ndi maso? Ayi. Munalankhulapo naye pa vidiyo? Ayi, nthawi zonse ankati netiweki ikuvuta. Nanga ndalama munatumiza bwanji?

Anatumiza K85,000 pa foni, kawiri: K50,000 ya dipoziti, kenako K35,000 yoti akuti katundu wagwidwa paboda ku Mwanza akufuna msonkho. Zinali ndalama za ngongole ya ku banki m'khonde, ankafuna kuyamba geni ya mabulangete nyengo yozizira isanafike. Wapolisi anawapempha kuti atsegule uthenga umene unabwera atatumiza. Aliyense amene amagwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba akudziwa kuti uthenga umenewo umaonetsa dzina la amene nambala inalembetsedwa, ndipo kuyambira 2018 simukhadi iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chitupa. Dzina limene linali pa uthengawo silinali Tadala, silinalinso la achemwali. Linali la munthu wamwamuna. Mayiwo anati analiona ndithu tsiku lomwelo, koma atafunsa anauzidwa kuti ndi nambala ya amuna ake.

Panalinso mauthenga a mawu. Anatsegula umodzi, tonse n'kumvetsera: mawu a mtsikana, othamanga, a munthu woti sanafike zaka makumi atatu. Achemwali ali ndi mawu aakulu, amaimba besi ya azimayi kukwaya. Atangolankhula kuti, "Mayi, ndimvereni bwinobwino, kodi mawu awa ndi omwewo?" mchimwene uja anayang'ana pansi. Kenako msuweni anawaonetsa chithunzi chathunthu chija. Mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchikuza ndi zala, n'kuyamba kulira. Kulira kwake sikunali kwa manyazi okha. Kwa masiku onsewo anali ndi chiyembekezo choti mbava ikagwidwa ndalama zibwera, ndipo tsopano anazindikira kuti nkhope imene ankaisaka si ya mbavayo.

"Pepani amayi, ndakulakwirani. Ndifufute pompano."

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo mwina ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi. Kufufuta kumaoneka ngati ndiye kukonza, koma sikufika patali. Positi ya pa Facebook ikafufutidwa, onse amene anaigawa amangoona kuti yasowa, osadziwa chifukwa chake, pamene masikirinishoti ali m'mafoni mwa anthu akupitiriza ulendo popanda chowatsutsa. Koma mwini wake akaisintha pogwiritsa ntchito `Edit post`, mawu atsopanowo amaonekanso kwa onse amene anagawa positiyo, ndi kwa aliyense amene adzatsegule linki yake. Choncho tinawapempha kuti asafufute msanga, koma asinthe mawu, ndipo pamwamba penipeni alembe kuti analakwitsa.

Mawuwo anawalembera limodzi pabenchi yomweyo ya kupolisi. Anali aafupi: kuti mayi wa pachithunzichi si Tadala, si amene anandibera, chithunzi chawo chinabedwa pa WhatsApp, ndakumana nawo kupolisi ndipo ndatsimikiza, amene munagawa chonde gawaninso izi. Dzina la achemwali sitinaliikemo, ngakhale dera limene amakhala. Munthu safunika kudziwa kuti ndiwe yani kuti amve kuti sindiwe wakuba.

Kenako achemwali anapempha china chimene ine sindinachiganizire: kuti ajambulitse limodzi awiriwo, ataimirira pafupi, n'kuika chithunzicho mu positi yatsopano. Ndinkaopa kuti kumeneko ndi kumwazanso nkhope yawo. Iwo anati nkhope yamwazika kale, chatsala n'choti anthu aione ili pambali pa munthu amene ankaiimba mlandu. Ndipo zinatero. Anthu sawerenga ndime zitalizitali, koma nkhope ija anaizindikira nthawi yomweyo, n'kuima kuti aone kuti zatha bwanji, mwina poganiza kuti mbava yagwidwa. Chidwi chomwecho ndi chimene chinanyamula uthenga wokonza.

Pa WhatsApp ntchito inali ya manja. Adimini wa gulupu ali ndi mphamvu yofufutira aliyense uthenga wa munthu wina, koma mwayi umenewo umatha pakadutsa masiku awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ife tinali titachedwa kale. Ndiye tinabwerera m'njira yomwe tinadzera pofufuza: bambo wa gulupu ya ku Thyolo, kholo la kusukulu lija, mayi wa kumpingo. Aliyense tinamutumizira chithunzi cha awiriwo ndi linki, n'kumupempha kuti aike m'gulupu momwe anaika choyamba chija, iye mwini, osati ife. Uthenga wokonza ukachokera kwa mlendo anthu amaukayikira, koma ukachokera kwa yemwe uja anabweretsa chenjezo amaumva. Ambiri anavomera. Mmodzi anayankha kuti iye anangogawa, si iye analemba, ndiye sizikumukhudza. Anthu oterewa alipo ambiri, ndipo ine ndimawaona kuti ndi olakwa kuposa mayi a ku Bangwe, amene anataya ndalama zawo n'kubweranso kudzapepesa.

Maadimini a magulupu a pa Facebook tinawalembera m'modzim'modzi, mwaulemu, titaphatikiza linki ya positi yosinthidwa ndi kalata ya kupolisi titabisa dzina ndi adiresi. Amene anali ndi masikirinishoti akale m'magulupu mwawo anachotsa, ena mpaka anaika wokonzawo pamwamba kwa masiku angapo. Njira yodandaulira kwa Facebook mwini wake iliponso, koma ija ya `Pretending to be someone` ndi ya akaunti imene ikunamizira kukhala munthu wina, ndipo wakuba wathu ankagwirira ntchito pa WhatsApp. Kumeneko amene akanatha kudandaula bwino anali mayi a ku Bangwe, chifukwa ukadina `Report` pa nambala, mauthenga asanu omaliza a munthuyo amapita kwa eni WhatsApp. Anatero atamaliza kusunga macheza onse ndi kupereka makope kupolisi, osati asanatero.

Kunyumba ndi kumpingo nkhani inatha mwanjira ina. Achemwali anapita kwa abusa ndi kwa amayi a chigwirizano ndi foni ya msuweni ija, chifukwa kumeneko kunali anthu oti positi sanaione koma mphekesera anaimva, ndipo mphekesera inali itakula kale: ena ankati ali ndi mayina awiri, ena ankati makina atsopano osokera anagulira ndalama zomwezo. Abusa analengeza Lamulungu pa nthawi ya zolengeza, mwachidule. Makasitomala awiri amene anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe sabata ija, mmodzi anabwerera, winayo sanabwerenso.

Ku Limbe anayambiranso kupita patatha pafupifupi masabata atatu, kalata ya kupolisi ili m'chikwama. Pa WhatsApp sanathe kungotseka chithunzi pa `My contacts` n'kusiya nkhope yawo, chifukwa kasitomala watsopano akaona nambala yopanda chithunzi amakayikira ngati ndi yolondola. Anasiya pa `Everyone` koma n'kuikapo diresi la ukwati limene anasoka, litapachikidwa pa hang'ala. Amene akuchita geni pa nambala yodziwika ndi anthu angachite bwino kutengerapo.

Ndalama za mayi a ku Bangwe sizinabwere. Kuti kampani ya foni iulule zambiri za mwini nambala ndi kumene ndalama zinatulutsidwira pamafunika apolisi ndi chilolezo cha khoti, ndipo ngakhale zitatero, dzina la pa simukhadi nthawi zambiri limakhala la munthu amene chitupa chake chinangogwiritsidwa ntchito, mwina wa kumudzi woti sadziwa n'komwe kuti ali ndi nambala yotero. Ndi chifukwa chake dzina lachimuna lija sitinalifalitse, ngakhale mchimwene wawo ankafunitsitsa. Ngongole ya ku banki m'khonde anabweza pang'onopang'ono ndi ndalama za mandasi.

Chithunzi chija sichinafe. Patapita miyezi chinatulukanso m'gulupu ina ya ku Lilongwe, chitazilala kwambiri moti nsalu yobiriwira ija inkaoneka yotuwa, koma mzere wa "mukamuona mugwireni" ukuwerengeka bwinobwino. Achemwali ali ndi uthenga umene anasunga pa foni, wokhala ndi chithunzi cha awiriwo ndi linki, ndipo wina akawatumizira amangoyankha ndi umenewo n'kupempha kuti aubweze kumene wachitenga.

Chakumapeto kwa chaka mayi a ku Bangwe anawaimbira. Mnzawo wina anali atatsala pang'ono kutumiza dipoziti ya mapoto kwa munthu wa nambala yatsopano, dzina latsopano, koma mauthenga a mawu anali a mtsikana yemwe uja, ndi nkhani yomweyo ya netiweki kuvuta akapemphedwa vidiyo. Pa nambalayo panali nkhope ya mayi wina wovala yunifolomu ya unamwino. "Ndiike pagulupu kuti anthu achenjere?" anafunsa. Achemwali anawauza kuti aike nambala ndi mmene amabera, nkhope aibise ndi kasitika, ndipo sikirinishoti yathunthu apite nayo kupolisi pa nambala ya nkhani yomwe ija. Anapitira limodzi Lolemba lake m'mawa, shopu anatsegula mochedwa.